Thumba la pangozi kwa munthu wopanda malipiro a pamwezi

Wogwira ntchito yolembedwa akafuna kudziwa ndalama zoti asunge podikira tsoka, masamu ake savuta. Alangizi a zachuma amamuuza kuti atenge zimene amawononga pamwezi n'kuchulukitsa katatu, kapena kasanu n'kamodzi. Langizo limeneli limaganiza kuti pa 27 kapena pa 30 kanthu kamalowa ndithu, ndipo ngozi ndi tsiku limene kadzasiye kulowa. Koma kwa wojambula zithunzi, womasulira mabuku, telala kapena wokonza makompyuta amene amadya za oda, mwezi wouma umabwera chaka chilichonse. Iye ali ndi mavuto awiri osiyana: miyezi yosowa imene imadziwika kale, ndi tsoka lenileni ngati matenda kapena kubedwa kwa zida. Thumba lake liyenera kukwanira zonse ziwiri, ndipo kukula kwake kumapezeka m'miyezi khumi ndi iwiri yapitayi.

Tiyerekeze ndi wojambula zithunzi za maukwati ndi zinkhoswe mu Lilongwe. Choyamba akhale pansi ndi sitetimenti ya ku banki, mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba, ndi kabuku ka malisiti, alembe zimene zinalowa mwezi uliwonse. Ndalama ilembedwe pa mwezi umene inafika m'manja. Ngati anajambula msonkhano wa bungwe mu Novembala koma cheke chinatuluka mu Febuluwale, imeneyo ndi ya Febuluwale, chifukwa mwini nyumba mu Disembala sanalandire lonjezo la bungwelo. Achotsenso zimene ntchitoyo inadya: mafuta a galimoto, mnyamata womuthandiza, kutsukitsa zithunzi, ndi msonkho. Dipoziti ya ukwati umene sunachitike asaiwerenge, poti ukwati ukalephereka eni ake adzaifuna.

Tinene kuti zotsala zake zinayenda chonchi. Meyi K450,000, Juni K520,000, Julayi K600,000, Ogasiti K750,000, Sepitembala K700,000, Okutobala K820,000, Novembala K480,000, Disembala K680,000. Mvula itakhazikika, anthu ali kalikiliki ndi feteleza ndi fizi, maukwati anachepa: Januwale K150,000, Febuluwale K90,000, Malichi K200,000, Epulo K320,000. Zonse pamodzi ndi K5,760,000, ndipo tikagawa ndi 12 zikupereka K480,000 pamwezi.

Nambala imeneyi ndi yokoma kuimva, ndipo ndi imene imapusitsa anthu ambiri. Palibe mwezi wa dzinja umene iye anaionapo. Ntchito yake n'kungotiuza ngati bizinesiyo ikudyetsa mwini wake pa chaka chonse, basi.

Kenako awerenge zimene nyumba yake singakhale popanda. Lendi K120,000, chakudya K150,000, magetsi, madzi ndi makala K45,000, mayendedwe ndi mabandulo a foni K45,000. Fizi amalipira katatu pachaka, K160,000 pa teremu, ndiye K480,000 imeneyo aigawe ndi 12, ikhale K40,000 pamwezi. Zonse zikukwana K400,000. Ngati amatumiza kanthu kwa amayi kumudzi mwezi ndi mwezi, kapena akubweza ngongole, aikemo. Ambiri amazisiya poganiza kuti zinthu zikavuta adzaleka, chonsecho Febuluwale ndi mwezi umene kumudzi nkhokwe zimakhala zitatha ndipo foni imalira kwambiri. Mitengo ikhale ya lero. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene ankawerengera pa mtengo wakale wa shuga ndi mafuta ophikira anapeza kuti ndalama zimene ankati n'za miyezi itatu sizikufikanso pamenepo.

Tsopano tifike pa dzenje lenileni. Mwezi uliwonse achotse K400,000 pa zimene zinalowa, ayang'ane pamene zinapelewera. Januwale panapelewera K250,000, Febuluwale K310,000, Malichi K200,000, Epulo K80,000. Popeza miyezi imeneyi ndi yotsatizana, zopelewerazo zimaunjikana: pofika kumapeto kwa Epulo dzenje lafika K840,000. Ndalama imeneyi ayenera kukhala nayo pa 1 Januwale kuti adutse dzinja osapita kwa akatapila kapena kupinyolitsa kamera.

Kutsatizanako n'kofunika kuposa mmene anthu amaganizira. Tinene kuti mu Malichi anapeza ntchito ina n'kulandira K500,000. Dzenje likanafika K560,000 kumapeto kwa Febuluwale, Malichi akanalikwirira ndi K100,000 yokha kukhala K460,000, Epulo n'kulibweza pa K540,000. Pamenepo nambala yofunika ndi K560,000, pamene linazama kwambiri. Mwezi umodzi wabwino pakati pa miyezi youma suthetsa dzenje, umangobweza kambiri kamene kanatsala mutadya. N'chifukwa chake anthu awiri opeza ndalama zofanana pachaka angafunike matumba osiyana kwambiri: wina miyezi yake yoipa inamwazikana, wina inabwera pamodzi.

K840,000 ija sitingaitche ya pangozi, chifukwa idzadyedwa ndithu chaka chilichonse n'kubwezeretsedwa m'chilimwe. Ya pangozi ikhale pamwamba pake. Apa ndi pamene langizo lakale lija limagwira ntchito: miyezi itatu ya K400,000 ndi K1,200,000. Thumba lonse la wojambula wathuyu likhale K2,040,000. Ine ndimaona kuti miyezi itatu ndi poyambira chabe kwa munthu ngati ameneyu, chifukwa tsoka lake loopsa si la mu Febuluwale. Akathyoka mwendo mu Ogasiti n'kukhala pansi mpaka Okutobala, amadya K1,200,000 yonse, komanso amataya K1,070,000 imene miyezi itatu imeneyo ikanamutsalira yokwirira dzinja. Ngatinso theka la ndalama zake limachokera kwa kasitomala mmodzi, kapena m'nyumbamo palibe wina wolandira malipiro, ndi bwino miyeziyo ikhale isanu kapena isanu ndi umodzi.

Kodi K2,040,000 ingapezeke? Masamu omwewo akuyankha. M'miyezi isanu ndi itatu yabwino, zotsala pamwamba pa K400,000 zikukwana K1,800,000. Dzinja likadya K840,000, pamatsala K960,000 pachaka, ndipo zimenezo n'ngati sanagule nsapato kapena kupereka chipepeso pamaliro. Ndiye mbali ya pangozi ingamutengere zaka ziwiri, koma ya dzinja ndiyo yoyamba kudzaza. Mukawerenga zanu n'kupeza kuti za chaka chonse sizikufika pa zofunika za chaka chonse, vutolo si la thumba: mitengo yanu ndi yotsika kapena maoda ndi ochepa, ndipo kusunga kokha sikungalithetse.

Miyezi khumi ndi iwiri imaonetsa nyengo zonse kamodzi, koma ndi chaka chimodzi chokha. Ojambula ndi osindikiza malaya amene anapeza maoda a kampeni chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chisanachitike asawerengere ndalama zimenezo ngati za chaka chilichonse. Ntchito yaikulu imene simukuyembekeza kuti ibweranso muichotse, muwerengenso popanda iyo, ndipo mutenge dzenje lozamalo.

Posunga, banki mkhonde ndi yabwino pa ndalama ya dzinja ngati gulu lanu limagawana mu Disembala, chifukwa imatuluka nthawi yake yeniyeni. Ya pangozi siyenera kukhala kumeneko, poti wodwala sangadikire tsiku lokumana gulu, ndipo mukatenga pakati pa chaka mumakhala mukukongola ndi chiwongoladzanja. Ikhale ku akaunti yapayokha ku banki kapena ku SACCO komwe mungaitape msanga, mwina n'kusiya ya mwezi umodzi pafoni. Masamuwa muziwabwereza miyezi itatu iliyonse: muchotse miyezi itatu yakale kwambiri, muikepo yatsopano, ndipo lendi kapena thumba la chimanga likakwera, K400,000 ija isinthe tsiku lomwelo.