Kuzindikira Gwafa, Malalanje ndi Mango Poyang'ana Masamba Okha

Mtengo wa zipatso umatha zaka usanabale. Mango ochokera ku njere amatenga zaka 5 kapena kupitirira apo, malalanje a njere amachedwa kuposa pamenepo, ndipo ngakhale gwafa, amene amabala msanga, amadikiritsa mwini wake zaka ziwiri kapena zitatu. Nthawi yonseyi chimene chimaoneka ndi masamba, nthambi ndi khungwa. Wogula mbande pamsika, wopalira pamunda pamene pamera timitengo tokha, ndi wolowa pamalo amene wina anadzalapo kale mitengo, onsewa amayenera kudziwa mtengo ndi masamba ake. Ambiri amayang'ana kukula kwa tsamba ndi mtundu wake, koma zinthu ziwirizi ndiye zimene zimanamiza kwambiri. Tsamba la pamthunzi limakula kuposa la padzuwa, la mphukira yanthete limakula kuposa la nthambi yokhwima, ndipo mtengo wosowa chakudya m'nthaka umachita masamba achikasu posatengera mtundu wake. Zodalirika ndi zimene sizisintha ndi nyengo: mmene masamba akhalira pa nthambi, kaphesi kamene kalumikiza tsamba ku nthambi, mitsempha ya tsamba, ndi fungo limene limatuluka tsamba likafikisidwa pakati pa zala.

Choyamba kuona ndi kakhalidwe ka masamba pa nthambi. Pa mitengo ina masamba amatuluka awiriawiri pa mfundo imodzi, lina uku lina uko, moyang'anizana. Pa ina tsamba limatuluka lokha, linzake n'kudzatulukira patsogolo pang'ono mbali ina. Gwafa ali m'gulu loyamba, pamene mango, mapeyala, malalanje, mandimu ndi manachesi ali m'gulu lachiwiri. Nchifukwa chake tsamba limodzi lothothoka silithandiza kwenikweni. Pamafunika kanthambi kamene kali ndi masamba angapo.

Gwafa savuta. Kupatula masamba oyang'anizana aja, kanthambi kake kanthete si kobulungira koma kali ndi ngodya zinayi, ndipo munthu akakagudubuza pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala amazimva ngodyazo bwinobwino. Nthambi ikakhwima ngodya zimatha. Tsamba lake limatalika masentimita 7 mpaka 15, kaphesi kake n'kakafupi kwambiri, ndipo mitsempha yake ndi yoonekera patali: pamwamba pa tsamba imalowa mkati ngati timizere, pansi imatukuka moti chala chimaimva. Imachoka pa msana wa tsamba motsatana bwino, kawirikawiri yoposa 10 mbali iliyonse, n'kupindikira kutsogolo ikamayandikira m'mphepete. Kunsi kwa tsamba kuli tiubweya tofewa, makamaka likadali lanthete, ndipo pamwamba siliwala kwenikweni. Likafikisidwa limatulutsa fungo lofanana ndi la gwafa wamuwisi. Mtengo ukakulako khungwa lake limakhala losalala, lofiirira, ndipo limasendeka lokha m'tizidutswa topyapyala n'kusiya mawanga obiriwira.

Mtengo umene umasokoneza anthu pano ndi jambula, chifukwa nawo masamba ake ndi oyang'anizana. Koma tsamba la jambula ndi losalala, lowala, lopanda ubweya, ndipo mitsempha yake ndi yopyapyala, yothithikana, yosamveka pachala.

Malalanje, mandimu, manachesi ndi manyumwa ndi banja limodzi, ndipo pali zizindikiro ziwiri zimene zimasiyanitsa banjali ndi mitengo ina yonse ya zipatso ya pakhomo. Choyamba chili pamene tsamba lakumana ndi kaphesi kake. Pamenepo pali kamfundo kooneka ngati kamzere kopingasa, ndipo tsamba likapindidwa limathyokera pomwepo. Mango ndi gwafa alibe kamfundo kotere. Chachiwiri chimaoneka tsamba likakwezedwa kuloza kudzuwa: m'kati mwake muli timadontho tambirimbiri towala, ngati pobooledwa ndi singano. Timeneti ndi timatumba ta mafuta, ndipo fungo la tsamba limachokera m'menemo. Nthambi zanthete zimakhala zobiriwira, zangodyangodya, ndipo mitengo yambiri ya banjali imakhala ndi munga umodzi pamene tsamba latulukira, makamaka ikakhala yochokera ku njere.

Kudziwa banja n'kosavuta, ntchito ili pa kusiyanitsa abale. Apa kaphesi ndiye kamathandiza. Pa manyumwa kaphesi kali ndi mapiko otambalala mbali zonse ziwiri, moti kamaoneka ngati katsamba kakang'ono kumunsi kwa tsamba lalikulu. Pa malalanje mapikowo alipo koma ndi opyapyala. Pa mandimu palibe mapiko, kapena pali kamzere chabe. Tsamba la ndimu limakhalanso lobiriwira motuwirako, m'mphepete mwake muli timano tosaoneka msanga, ndipo likafikisidwa fungo la ndimu silibisika. Palinso chizindikiro cha masamba ongophuka kumene: a mandimu amatuluka ofiirira pang'ono, pamene a malalanje ndi manachesi amatuluka obiriwira mopepuka. Nachesi ali ndi tsamba laling'ono, lopyapyala, losongoka mbali zonse ziwiri, lonunkhira ngati khoko la nachesi, ndipo nthambi zake ndi zing'onozing'ono zothithikana. Anthu a ku Mwanza, kumene manachesi amalimidwa kwambiri, amauzindikira mtengowu ali patali chifukwa cha kathithikanidwe kameneka.

Pali vuto lina limene limagwera alimi ambiri a malalanje, ndipo masamba ndiwo amaliulula nthawi isanathe. Mbande zabwino za malalanje ndi manachesi zimakhala zomezanitsa. Tsinde la pansi kawirikawiri limakhala la ndimu yamakhwinya ija, chifukwa mizu yake ndi yamphamvu ndipo imapirira chilala, kenako diso la lalanje limamezanitsidwa pa tsindelo chapamwamba pang'ono kuchoka pa dothi. Mlimi amadzala mbandeyo, ndipo m'chaka choyamba mbuzi imadya nsonga yake kapena chilimwe chimaiumitsa. Mvula ikagwa pamatuluka mphukira zamphamvu, zowongoka, zokula msanga, ndipo mwini wake amakondwa kuti mtengo wachira. Amauthirira zaka zitatu kapena zinayi, n'kudzathyola mandimu. Apa ambiri amanena kuti lalanje lasanduka ndimu, kapena kuti wa kunazale anawapusitsa, pamene chimene chinachitika n'chakuti tsinde la pansi linaphuka n'kugonjetsa lalanje.

Wodziwa masamba akadaona zimenezi m'miyezi yoyamba. Amayamba wafunafuna pa tsinde pamene anamezanitsa, pomwe pamakhala kachipsera kapena kakhota, ndipo nthawi zina khungwa la pansi ndi la pamwamba limasiyana mtundu. Kenako amatsata nthambi iliyonse kuti aone ngati yatulukira pamwamba kapena pansi pa chipseracho. Akatero amathyola tsamba limodzi pamwamba ndi lina pansi n'kuwayerekeza. La lalanje limakhala lobiriwira moderako, lowala, kaphesi kake kali ndi timapiko, fungo lake n'lofatsa. La tsinde la ndimu limakhala lotuwirako, kaphesi kake kalibe mapiko oti n'kuwatchula, nsonga zake zanthete ndi zofiirira, fungo ndi la ndimu, ndipo nthambi yake imakhala ndi minga yambiri. Mphukira zonse zotulukira pansi pa chipsera ziyenera kudulidwa pafupi penipeni ndi tsinde zikadali zanthete. Ngati mbali ya pamwamba inauma yonse, chotsalacho ndi ndimu basi, ndipo chimene chingachitike ndi kumezanitsanso.

Tizilombo timasinthanso maonekedwe a masamba a banjali. Kambozi kena kamadya m'kati mwa tsamba lanthete n'kusiya tinjira toyera tokhotakhota, tsamba n'kupiringizika. Kachilombo kena kamayamwa kunsi kwa tsamba n'kuchititsa kuti pamwamba patuluke tizotupa. Tsamba lotere limaipa maonekedwe, koma kamfundo ka pa kaphesi, timadontho ta mafuta ndi fungo zimakhalapobe.

Mango ali ndi tsamba lalitali ndi lopyapyala, masentimita 15 mpaka 30, losongoka, lolimba ngati chikopa, lowala pamwamba, ndipo nthawi zina m'mphepete mwake mumachita mafunde. Msana wake ndi wotuwa, wotukuka, ndipo mitsempha imachoka pa msanawo pafupifupi mopingasa. Kaphesi kake n'kotalikirapo ndipo kumunsi kwake, pamene kagwira nthambi, n'kotupa. Masamba amaunjikana kunsonga kwa nthambi mozungulira. Mtengowu sukula mosalekeza koma umaphuka nthawi ndi nthawi, ndipo masamba atsopano amatuluka onse pamodzi, ofiira kapena ofiirira, ofewa, olendewera ngati ofota. Osadziwa amaganiza kuti mtengo wadwala kapena wasowa madzi, koma pakapita milungu ingapo masambawo amalimba n'kubiriwira. Tsamba lofikisidwa limanunkhira utomoni wa bango losapsa. Utomoni umenewu umayabwa pakhungu la anthu ena, choncho ndi bwino kusamba m'manja pambuyo pake.

Amene amasokonezedwa ndi mango ndi mapeyala, poti nawo masamba ake anthete amatuluka ofiirira ndipo amaunjikana kunsonga. Tsamba la peyala ndi lotambalala pakati, lofewerapo, ndipo kunsi kwake n'kotuwa kwambiri poyerekeza ndi pamwamba. Mitsempha yake ndi yochepa, yotalikirana, yopindikira kutsogolo, kaphesi kake sikatupa kumunsi, ndipo fungo la utomoni palibe. Pa mbande yaing'ono kufukula pang'ono patsinde kumathetsa mkangano: njere ya peyala ndi yobulungira ndipo imang'ambika pawiri, pamene ya mango ndi yaphanthi. Njere za mango ambiri achikuda zimatulutsanso mphukira zingapo pa njere imodzi.

Masamba ali ndi malire ake. Amanena mosakayikitsa kuti uwu ndi mtengo wa mango, koma kusiyanitsa kalisere ndi maboloma, kapena mango achikuda ndi a makono monga Kent, poona tsamba lokha n'kongopenekera, ngakhale akadaulo a kunazale amadalira chizindikiro chimene anaika pa chubu pomezanitsa. Gwafa wofiira mkati ndi woyera mkati masamba awo amafanana. Mbande zongomera kumene nazo zimanamiza: masamba awiri oyamba a ndimu kapena lalanje amatuluka moyang'anizana ndipo ndi obulungirako, ndipo mapiko a kaphesi saoneka bwino mpaka mbande itakhala ndi masamba angapo okhwima. Pa msinkhu umenewo fungo ndi timadontho ta mafuta zimangotsimikiza banja, ndipo kusiyanitsa lalanje ndi nachesi kumadikira kuti mbande ikule kufika chapabondo.