Mizere ya pansi pa kalata ya imelo

Ndikamalembera anthu a kunja, choyamba chimene ndimakonza pansi pa kalata ndi nambala ya foni. Nambala yoyamba ndi 0, ija timapatsana kwathu kuno, munthu wa ku Nairobi kapena ku Lisbon akaiimba momwemo siilowa. Ndimachotsa 0 uja n'kuikapo +265, ndipo ndimalekanitsa manambalawo atatuatatu kuti asavute kuwerenga. Pambali pake ndimalemba UTC+2, poti ife sitisintha wotchi chaka chonse. Choncho wa ku London amakhala m'mbuyo mwathu ndi ola limodzi mu Julaye, koma maola awiri mu Januwale.

Udindo ndimaulemba wonse, osafupikitsa, chifukwa zilembo zitatu zimene timamvana nazo mu ofesi kunjako sazidziwa.

Nkhani ya zilankhulo ndiye imafuna chilungamo. Ndimalemba kuti: kalata m'Chichewa kapena m'Chingerezi; Chipwitikizi, kuwerenga kokha. Mukangotchula Chipwitikizi osafotokoza, wa ku Tete adzakuimbirani n'kuyamba kuchithira, inu kakasi.

Zonsezi zikhale zolemba, osati chithunzi. Mapulogalamu ena a imelo amabisa zithunzi, ndipo nambala ya pa chithunzi imavuta kuikopera.