Tsamba lachikasu m'munda wa mtedza

Alimi achinyamata masiku ano amapita kudimba ndi kumunda ali ndi foni m'thumba. Kankhani aka n'ka mmodzi wa iwo, mnyamata wa ku Mchinji yemwe ankalima mtedza kwa nthawi yoyamba.

M'mwezi wa Januwale, iye anaona mapando angapo a CG7 atapinimbira, masamba ake ali ang'onoang'ono, opindika ndi achikasu. Anajambula tsamba limodzi n'kutumiza kwa anzake pa WhatsApp. Wina anati nthaka yaguga, athire feteleza. Wina anati agule mankhwala opopera madontho a masamba. Mnyamatayo anaganiza zogulitsa nkhuku kuti agule zonse ziwiri.

Ali pa ulendo wopita kumsika, anakumana ndi mayi wachikulire wa munda woyandikana nawo n'kuwaonetsa chithunzi chija.

"Mwanawe, tsamba limodzi silinena zonse. Tiye ndikaone phando lenilenilo," anatero mayiwo.

Atafika, anagwada n'kutembenuza nsonga yanthete. Kunsi kwake kunali nsabwe zakuda zitaunjikana. Kenako anafunsa tsiku limene anadzala, ndipo mnyamatayo anati anayamba wamaliza kaye chimanga. Mayiwo analozanso mapando otalikirana, dothi likuonekera pakati. "Uyu ndi kadukutu, ena amati khate."

Chithunzi chija sichikanaonetsa zimenezi. Kadukutu ndi matenda a vairasi amene nsabwe zimafalitsa poyamwa madzi a mbewu yodwala n'kupita pa ina. Nsabwezi zimakonda mtedza wodzala mochedwa komanso wotalikirana. Phando likagwidwa lili laling'ono silibereka kwenikweni, ndipo palibe feteleza kapena mankhwala amene angalichiritse. Matenda a madontho, amene mnzake uja ankawaganizira, ndi osiyana: amayambira pa masamba akale a m'munsi, ndipo madontho ake ndi oderako.

Madzulo ake mnyamatayo anayendera minda ina ya m'mudzimo. Amene anadzala ndi mvula yoyamba, mtedza wawo unali utatseka kale mizere ndipo mapando odwala anali owerengeka. Bambo wina yemwe anadzala Nsinjiro, mtundu wopirira ku kadukutu, analibe dandaulo.

Mlangizi wa zaulimi atabwera, anatsimikiza zomwe mayi aja ananena. Anamuuza azule mapando odwala akadali ochepa n'kuwakwirira. Chaka chamawa adzadzale msanga, pa mizere yotalikirana masentimita 75, mbewu imodzi pa masentimita 15 aliwonse, ndipo azizula mtedza womera wokha m'chilimwe chifukwa ndimo matendawa amabisala.

Nkhuku sinagulitsidwe. Chithunzi chinamuthandizabe, pakuti mlangizi anabwera msanga atachiona. Koma tsiku lodzala, katalikiridwe ka mapando ndi mmene minda ina ilili, anazidziwa ndi anthu amene anaponda m'mundamo.

Inunso mukaona tsamba lachilendo, jambulani phando lonse ndi kunsi kwa masamba, kenako itanani oyandikana nawo munda ndi mlangizi musanagule mankhwala alionse.