Ku China mpando wa m'sitima umagulidwa m'dzina la pa pasipoti

Wa ku Chipata akafuna kupita ku Lusaka amalawira ku siteshoni ya mabasi, kulipira, wolemba matikiti n'kulembapo dzina lililonse limene wamuuza. Mwini tikiti akadwala usiku, mlamu wake amatenga kapepala komweko n'kukwera, ndipo palibe amene amafunsa reji. Za matikiti a sitima tilibe nazo chizolowezi. Njanji yochokera ku Mchinji inatsegulidwa mu Ogasiti 2010, koma imene timaona ikudutsapo, ikadutsa n'komwe, ndi ya katundu.

Komabe amalonda a ku Kapata ndi ku Down Shops amene amakaoda katundu ku China akukwera sitima zothamanga makilomita 300 pa ola, makamaka pakati pa Guangzhou ndi Yiwu, mzinda wa misika ikuluikulu ya tizinthu ta m'nyumba. Kumeneko chizolowezi chathu cha pa basi chingamusiye munthu pa geti, sitima ikunyamuka iye akuona.

Ku China tikiti ya sitima ndi ya munthu mmodzi, wodziwika ndi dzina komanso nambala ya chiphaso. Lamuloli linayesedwa mu 2010, linayamba kugwira ntchito pa sitima zonse zothamanga kwambiri pa 1 Juni 2011, ndipo mu Januwale 2012 linafika ku sitima zinanso. Chinaliyambitsa ndi katangale wa matikiti. Pa nyengo ya chaka chatsopano cha Atchaina, anthu miyandamiyanda amachoka m'mizinda ya mafakitale kubwerera kumudzi, ndipo panali anthu amene ankagula matikiti ambirimbiri n'kumawagulitsa kunja kwa siteshoni pa mtengo wokwera. Wantchito wosauka ankagona pamzere usiku wonse n'kupeza atha. Boma litamanga tikiti iliyonse ku chiphaso, linaikanso malire akuti chiphaso chimodzi chigule mpando umodzi basi pa sitima imodzi pa tsikulo. Tikiti yogulidwa m'dzina la wina inasanduka yopanda ntchito kwa munthu wina aliyense, ndipo malonda a kunja kwa siteshoni anachepa kwambiri.

Pofika mu 2020 tikiti ya pepala inachotsedwa pa sitima zimenezi. Lero mpando wanu umakhala m'kompyuta ya kampani ya njanji, pansi pa zinthu zitatu: mtundu wa chiphaso, nambala yake ndi dzina. Mtchaina amagunditsa chitupa chake pa makina, geti n'kutseguka. Mlendo amaika pasipoti pa makina owerenga kapena amapita pa khomo la pambali pamene pamaima wogwira ntchito. Kapepala kamene amakusindikizirani pa windo, kapena chithunzi chimene wokugulirani wakutumizirani pa foni, n'chongokukumbutsani nambala ya sitima, ngolo ndi mpando. Chokulowetsani ndi pasipoti yeniyeni, osati fotokope. Ndiye ngati zimene zili m'kompyuta zasiyana ndi zimene zili m'pasipoti, makina amangoona kuti munthu waima apayu alibe mpando.

Apa m'pamene mayina athu amatipezetsa vuto, popeza ambiri tili ndi mayina angapo ndipo onse ndi athu ndithu. Tiyerekeze mayi wina wogulitsa ziwiya ku Kapata. Kwawo ndi a Phiri, anakwatiwa kwa a Banda, ndipo msika wonse umawadziwa kuti Mayi Banda. Pa reji ndi pa pasipoti palembedwa Phiri, ndi mayina oyamba awiri, la ubatizo ndi la kumudzi. Ali ku Guangzhou akupempha mnyamata amene amawathandiza kumasulira kuti awagulire tikiti yopita ku Yiwu Lachisanu. Mnyamatayo ali ndi nambala yawo ya pasipoti kuchokera pa ulendo wa chaka chatha, ndiye sakufunsanso, ndipo dzina akulemba limene amawaitanira. Koma mayiwo anatenga pasipoti yatsopano, yomwe inabwera ndi nambala yatsopano. Zolakwika zakhala ziwiri, ndipo ngakhale chimodzi chikanakwana kuwabweza pa geti.

Chopweteka n'chakuti dzina la pa tikiti silisinthidwa. Mungasinthe tsiku kapena sitima, koma osati munthu. Njira ndi kubweza tikitiyo n'kugula ina, ndipo kubweza kuli ndi mtengo wake malinga ndi nthawi imene yatsala. Kukatsala masiku 8 kapena kuposa, ndalama zimabwera zonse. Kukatsala maola 48 kapena kuposa amadula 5 peresenti, pakati pa maola 24 ndi 48 amadula 10, ndipo kukatsala maola osakwana 24 amadula 20. Tinene kuti tikiti ya mayiwa inali mayuwani 700. Akanaona cholakwikacho Lachiwiri akanataya mayuwani 35. Atachiona Lachisanu m'mawa ali pa siteshoni ya Guangzhounan, ataya 140, ndipo wobweza ayenera kukhala mnyamata uja chifukwa ndiye anagula pa akaunti yake. Ndalamazo si zochuluka poyerekeza ndi mpando umene wapita. Matikiti amayamba kugulitsidwa kutatsala masiku 15, ndipo m'nyengo ya chionetsero cha malonda cha Canton mu Epulo ndi Okutobala, kapena pa tchuthi cha sabata yoyamba ya Okutobala, wina sangaupeze mpando tsiku lomwelo. Chotsatira ndi usiku wina wa hotelo, ndi mwini fakitale amene anapangana naye atadikira pachabe.

Kupewa kwake n'kosavuta. Tsegulani tsamba la chithunzi m'pasipoti, muyang'ane mizere iwiri ya m'munsi imene ili ndi zizindikiro za <<<. Imeneyo ndiyo makina amawerenga, ndipo dzina lanu la pa ulendo ndi limene lili pamenepo: mfunda, kenako mayina onse oyamba, popanda kudumpha la pakati. Mulibemo kadenga ka pa ŵ, mulibe Mayi kapena Abusa. Wokugulirani mumutumizire chithunzi cha tsambalo, osamuuza dzina pakamwa, ndipo akagula akubwezereni chithunzi cha zimene walemba kuti muwerenge chilembo ndi chilembo. Pa nambala, chenjerani ndi O ndi 0, komanso I ndi 1. Amene akufuna kudzigulira yekha angalembetse pa 12306, tsamba ndi pulogalamu ya pa foni ya kampani ya njanji, yomwe ili ndi mbali ya Chingerezi. Kuyambira kumapeto kwa 2023 mlendo angathe kutsimikiziritsa pasipoti yake pomwepo potumiza chithunzi, ndipo zikakanika amapita nayo pa windo la siteshoni.

Ine ndimaona kuti lamuloli linachitira chilungamo wapaulendo wamba, koma lili ndi mbali ina yofunika kuidziwa. Boma limadziwa amene wakwera, kumene wakwerera ndi mpando umene wakhala, ndipo makhoti a ku China amagwiritsa ntchito dongosolo lomweli kuletsa anthu okana kubweza ngongole kugula matikiti a sitima zothamanga. Mphamvu yotere imafuna malamulo oiteteza kuti isagwiritsidwe ntchito molakwa, ndipo funso limeneli lafika kale kufupi ndi kwathu. Ku Kenya, sitima ya Madaraka Express ya pakati pa Mombasa ndi Nairobi, yomwe inayamba mu 2017, imafunanso kuti dzina la pa tikiti lifanane ndi la pa chitupa, ngakhale liwiro lake silifika pa la za ku China.

Pa tsiku la ulendo fikani pa siteshoni kutatsala ola lathunthu. Pasipoti amaiona polowa m'siteshoni, pa geti lopita ku sitima ndi potuluka kumene mukutsikira, choncho isakhale pansi pa chikwama. Mzere wa khomo la pambali umayenda pang'onopang'ono, ndipo geti limatsekedwa kutatsala mphindi zochepa kuti sitima inyamuke.