Kamera ndi alamu zikumwa batire galimoto ili chiimire

Galimoto munaiimika Lachisanu madzulo ili bwinobwino. Lolemba m'mawa mukuti muilize, magetsi a pa dashibodi akuyaka mofooka, sitata ikungoti tche-tche-tche, injini osalira. Zikatere ambiri amati batire latha kapena anawagulitsa lachabechabe. Amagula lina, koma pakangopita milungu ingapo vuto lija labwereranso. Nthawi zambiri batire limakhala lilibe mlandu. Cholidya ndi chipangizo chimene mwini galimoto anaikitsa yekha: kamera ya pa galasi lakutsogolo, alamu, kapena kachipangizo kolondolera komwe galimoto ili.

Vutoli limaonekera galimoto ikaima masiku angapo. Mwina mafuta asowa ndipo mwaganiza zoyamba mwakwera minibasi, mwina mwaisiya pa bwalo la ndege la Chileka kapena la Kamuzu, mwina mwapita kumudzi pa basi. Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku imabisa vutoli chifukwa alitaneta imabwezera moto umene watayika usiku. Ikangoima, palibenso chobwezera.

Galimoto yozimitsa simagoneratu

Ngakhale mutachotsa kiyi, pali zinthu zimene zimakhala zikukokabe moto pang'onopang'ono: wotchi, wailesi imene ikusunga masiteshoni anu, kompyuta ya injini, ndi kachipangizo kodikira rimoti yotsegulira zitseko. Opanga galimoto amaziwerengera zimenezi. Pa galimoto yabwinobwino zonse pamodzi zimakoka pakati pa 20mA ndi 50mA, ndipo 1000mA ndiye 1A. Ndi moto wochepa, moti batire labwino limapirira milungu ingapo.

Kamera ndi nkhani ina. Ikamajambula imakoka cha m'ma 200mA mpaka 400mA, makamaka ikakhala ya maso awiri, lakutsogolo ndi lakumbuyo. Ngati inalumikizidwa kuti izilondera galimoto ili pamalo oimika, moto umenewu umatuluka usana ndi usiku. Alamu yabwino imakoka pang'ono, kawirikawiri osapitirira 30mA, koma yoikidwa molakwika kapena yowonongeka imakoka kuposa pamenepo. Pali maalamu ena amene sayirini yake imakhala ndi kabatire kakekake m'kati. Kabatire kameneka kakakalamba sikadzazanso, ndiye kamangokoka moto ku batire lalikulu osalekeza. Alamu yongolira yokha mphepo ikawomba kapena lole ikadutsa nayonso imamaliza batire msanga, chifukwa nthawi iliyonse imayatsa sayirini ndi maindiketa.

Tiwerengere limodzi

Tiyerekeze galimoto yaing'ono monga Toyota Vitz kapena Passo, yokhala ndi batire la 35Ah. Nambala imeneyi ikunena kuchuluka kwa moto umene batire limasunga likakhala latsopano ndi lodzaza. Koma sikuti wonsewo ungagwiritsidwe ntchito. Batire likatsika kufika pa theka, kuliza injini kumayamba kuvuta, choncho moto umene tingadalire ndi pafupifupi 17Ah.

Galimoto payokha tinene kuti ikukoka 30mA. Pa maola 24 imamwa pafupifupi 0.7Ah, ndiye kuti theka lija lingathe patapita milungu itatu ndi masiku angapo. Tikaikapo alamu ya 25mA, zonse zikukwana 55mA, kapena kuti 1.3Ah pa tsiku. Masiku aja atsika kufika pa 13. Tsopano tiwonjezere kamera ya 250mA yojambula osapuma. Zonse zapitirira pang'ono 300mA, ndipo pa tsiku zikumwa kuposa 7Ah. Theka la batire latha m'masiku awiri ndi theka basi. Ndi chifukwa chake galimoto yoimikidwa Lachisanu imakana kulira Lolemba.

Masamuwa ndi a batire latsopano. La zaka ziwiri kapena zitatu silisunganso moto wonse wolembedwa pa chikwangwani chake, ndipo ngati ulendo wanu wa tsiku ndi tsiku ndi waufupi, wongoima-ima m'tauni, silikhala lodzaza pamene mukuliimika. Batire lotere likhoza kugonja usiku umodzi kapena uwiri. Zili ngati mgolo wa madzi wobooka pansi: kabowo kangachepe bwanji, ngati simukuthiramo ena, mudzaupeza uli gwa.

Choipa kwambiri ndi chakuti batire la galimoto silinapangidwe kuti lizitheratu. Ntchito yake ndi kupereka moto wambiri kwa masekondi ochepa kenako n'kudzazidwanso nthawi yomweyo. Likakhala lopanda moto kwa masiku, mapuleti ake a mtovu amachita nkhanambo zolimba za salifeti zimene sizisungunukanso ngakhale mulitchaje. Likatheratu kangapo, mphamvu yake imachepa mpaka kalekale. Apa m'pamene kamera imene inkangolimwa imafika polipha.

Nkhani yagona pa waya

Chimene chimasiyanitsa kamera yovuta ndi yosavuta ndi pamene waya wake analumikizidwa. M'galimoto muli mawaya a mitundu iwiri: ena amakhala ndi moto nthawi zonse, ena amalandira moto pokhapokha kiyi akafika pa ACC kapena ON. Pa galimoto zambiri zochokera ku Japan, soketi yoyatsira fodya imazima mukachotsa kiyi, choncho kamera yolowetsedwa pamenepo imazimanso. Pa galimoto zina, makamaka za ku Ulaya ndi ku America, soketiyo imakhalabe ndi moto. Kudziwa kwake n'kosavuta: zimitsani galimoto, khomani zitseko, ndipo pakapita theka la ola musuzumire pa galasi. Ngati kagetsi ka kamera kakuyakabe, ndiye kuti ikugwira ntchito.

Kamera zolondera galimoto ili chiimire zimabwera ndi mawaya atatu: wa moto wosazima, wa ACC, ndi wopita ku chitsulo cha galimoto. Woika wofulumira nthawi zina amamanga mawaya awiri oyambawo pamalo amodzi a moto wosazima. Akatero, kamera simadziwa kuti injini yazima, ndipo imajambula ndi mphamvu zonse ngati muli pa msewu.

Pa mawaya amenewa pamayenera kukhala kabokosi kodula moto batire likatsika. Kambiri kamakulolani kusankha 11.8V, 12.0V, 12.2V kapena 12.4V. Batire lodzaza, galimoto itapuma maola angapo, limawerenga cha m'ma 12.6V. Pa 12.2V lafika pafupifupi theka, ndipo pa 11.8V latsala pang'ono kutheratu. Choncho kabokosi koikidwa pa 11.8V kamadula mochedwa. Sankhani 12.4V ngati batire ndi laling'ono kapena lakale, ndipo musatsike kupyola 12.2V. Kumbukiraninso kuti kabokosika kamazimitsa kamera yokha. Alamu ndi galimoto zimapitiriza kumwa kuchokera pamene kamera yasiyira.

Kupeza chimene chikumwa

Musanagule batire lina, uzani wamagetsi a galimoto ayeze moto umene ukutuluka galimoto ili yozimitsa. Ndi ntchito ya mita ya m'manja, ndipo ndi bwino mudziwe mmene imayendera kuti muone ngati akuichita moyenera.

Choyamba amatsimikiza kuti alitaneta ikutchaja: injini ikulira, batire liwerenge pakati pa 13.8V ndi 14.5V. Kenako amazimitsa zonse ndi kuchotsa kiyi. Chitseko cha mbali ya bokosi la mafyuzi amachisiya chotsegula koma amakankha loko wake ndi sikuludiraiva kuti galimoto iziona ngati chatsekedwa, ndipo ngati alamu ili ndi kabatani pansi pa boneti amakapanikiza. Mita amaiika pa 10A ya DC. Amamasula teminolo ya chizindikiro cha kuchotsera, n'kulumikiza mita pakati pa mutu wa batire ndi waya wamasulidwayo, kuti moto wonse uzidutsa m'mita. Pa nthawi imeneyi wina asayerekeze kuliza injini, chifukwa mita ikhoza kupsa.

Pamafunika kudekha. Makompyuta a galimoto amatenga mphindi 20 mpaka 40 kuti agone, ndipo woyeza mopupuluma amapeza nambala yaikulu yosocheretsa. Nambala ikakhazikika, 0.03 kapena 0.05 ndiye kuti zili bwino. Ikakhala 0.30, pali chimene chikumwa. Apa amayamba ndi kuzula kamera n'kuona ngati nambala yatsika, kenako alamu, kenako mafyuzi imodzi-imodzi. Zipangizo zowonjezera kawirikawiri zimakhala ndi fyuzi yakeyake pa waya, yobisika kuseri kwa dashibodi kapena pafupi ndi batire, ndiye wongoyang'ana m'bokosi la mafyuzi akhoza kuiphonya. Zonsezi zikapanda kusintha kanthu, ayang'ane getsi la m'buti, ampu ya nyimbo, ndi alitaneta yomwe, chifukwa ikawonongeka m'kati imatha kubweza moto galimoto ili chiimire.

Mukamaisiya masiku ambiri

Ngati galimoto ikhala masiku opitirira awiri pamalo otetezeka, monga mu mpanda wa panyumba, zulani kamera. Ndi njira yaulere ndipo imachotsa gawo lalikulu la vutoli. Ngati ikhala milungu ingapo, mukhoza kumasula teminolo ya kuchotsera ndi sipanala, kawirikawiri ya 10. Koma dziwani mtengo wake: alamu sigwiranso ntchito, sayirini ya kabatire kakekake ikhoza kulira, ndipo mawailesi ena obwera ndi galimoto kuchokera ku Japan amakana kuyaka mpaka mutaikamo kakhadi kapena chimbale chake, chimene eni galimoto ambiri alibe. Amene akufuna alamu ikhalebe maso angagwiritse ntchito tchaja yaing'ono yosiyidwa pa batire, kapena kasola kokhala ndi chowongolera moto.

Kuliza injini mphindi zisanu pabwalo sikuthandiza kwenikweni. Ndi bwino wina wodalirika aiyendetse pa msewu kwa theka la ola kapena kuposerapo kamodzi pa mlungu. Eni Toyota Aqua ndi Prius asadalire batire lalikulu lija: galimotozi zimadzutsidwa ndi batire laling'ono la 12V, ndipo limatchajidwa pokhapokha pa dashibodi pakalembedwa READY.

Batire likatha kale, musaiwale kuti galimoto ya otomatiki siilira poikankha. Pafunika kujampa ndi mawaya kapena kubweretsa batire lina. Ikalira, musaganize kuti nkhani yatha. Ulendo wopita ku ntchito sungalidzaze batire lotheratu, ndipo liyenera kukhala pa tchaja maola ambiri, mwina usiku wonse, tsiku lomwelo ngati n'kotheka.

Kamera ndi alamu ndi zothandiza, ndipo palibe chifukwa chozichotsera. Koma tsiku limene mukuziikitsa, musachoke pa galaja musanafunse zinthu ziwiri: waya wa kamera walumikizidwa pati, ndipo kodula moto kaikidwa pa nambala yanji. Kenako woikayo akuonetseni pa mita, kamera itazima, kuti galimoto yanu ikagona ikukoka moto wochuluka bwanji. Nambalayo ikapitirira kwambiri 0.05, ntchito sinathe.