Masilaidi opemphera ndalama zomangira tchalitchi: zomwe amayenera kuonetsa

M'matauni ndi m'midzi yambiri ya m'Malawi muno muli matchalitchi omwe analekezera pa mawindo. Makoma anakwera, kenako ndalama zinatha, ndipo lero mkati mwamera udzu pomwe akhristu akupempherabe m'tchalitchi chakale chapambali pake. Nthawi zambiri sikuti anthuwo ndi ouma manja. Anapereka chaka choyamba, anaperekanso chachiwiri, koma palibe anawauza kuti ntchito yonse idzadya zingati, zomwe asonkha zafika pati, ndipo zatsala zingati.

N'chifukwa chake makomiti ena a chitukuko ayamba kubwera kutsogolo ndi laputopu ndi purojekita m'malo mwa chilengezo chapakamwa. Amaonetsa pakhoma masilaidi, timasamba ta zithunzi ndi mawu ochepa tokonzedwa pa PowerPoint kapena pulogalamu ina yotere. Masilaidi abwino sapitirira 10 kapena 12, ndipo amatha m'mphindi 15, anthu asanayambe kuganiza za nsima ya masana. Amayankha mafunso anayi omwe munthu wokhala pabenchi amakhala nawo mumtima: tikumangiranji, timanga chiyani, zidya zingati, nanga ine ndipereka bwanji?

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze mpingo wa mabanja 200 m'dera lina la mumzinda wa Lilongwe. Manambala ake ndi ongoyerekeza, koma kawerengedwe kake ndi komwe komiti iliyonse ingatsate.

Funso loyamba limayankhidwa ndi zomwe anthu amaziona kale Lamulungu lililonse. Tchalitchi cha mpingowu chimakwana anthu 250, koma pa mapemphero pamabwera pafupifupi 600. Komiti yanzeru siyerekeza chiwerengerochi ndi maso. Imatuma madikoni kuti awerenge anthu kwa milungu ingapo yotsatizana, mkati ndi kunja komwe, kenako imaika pa silaidi manambala awiri okha, 250 ndi 600. Pambali pake pamakhala chithunzi chenicheni cha pamalopo: amayi atayala zitenje pansi pa mtengo wa mango, akumvera ulaliki kudzera pa zenera, kapena beseni lotchingira madzi pomwe denga limadontha mu Januwale. Chithunzi chotengedwa pa intaneti cha tchalitchi cha dziko lina sichigwira ntchito imeneyi, chifukwa palibe amene amadziona m'menemo.

Apa makomiti ambiri amalakwa pochulukitsa mbiri. Amayamba ndi chaka chomwe mpingo unakhazikitsidwa, mayina a abusa onse omwe anadutsapo, mpaka masilaidi asanu atha chosowa chenicheni chisanatchulidwe. Mbiri ikwane silaidi imodzi basi.

Likabwera funso la mapulani, ena amakumbutsa za tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chomwe chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogoleredwa ndi mbusa David Clement Scott, munthu yemwe sanaphunzire zojambula nyumba. Chilipo mpaka lero. Koma masiku ano nyumba yodzaza anthu mazana mumzinda imafunika mapulani ojambulidwa ndi katswiri ndi kuvomerezedwa ndi khonsolo. Choncho silaidi ya mapulani iyenera kunena poyera zinthu zitatu: malowo ndi a mpingo ndipo zikalata zake zilipo, mapulani anajambula ndani, ndipo chilolezo cha khonsolo chafika pati. Munthu amene anaonapo nyumba ikuimitsidwa chifukwa cha mkangano wa malo satulutsa ndalama asanamve zimenezi.

Zojambulazo zikhale ziwiri. Chimodzi chionetse mmene tchalitchi chidzaonekere munthu akaima kutsogolo kwake, china chionetse mkati ngati denga lachotsedwa: guwa, mabenchi, malo a kwaya, zitseko zotulukira, ndi polowera anthu oyenda pa njinga za olumala. Mu chitsanzo chathu nyumbayo ndi ya mamita 30 m'litali ndi 15 m'lifupi. Popeza si onse amene amaona mamita m'mutu, ndi bwino kujambula tchalitchi chakale mkati mwa chatsopanocho kuti kukula kwake kuoneke.

Mtima wa nkhani yonse uli pa mtengo, ndipo apa ndi pomwe anthu amakhulupirira komiti kapena kuitaya.

Nambala imodzi yaikulu, monga K132 miliyoni, ikaima yokha pakhoma imangofooketsa. Wogulitsa tomato pamsika amaiona n'kunena mumtima kuti izi n'za mabwana. Iyenera kugawidwa motsata mmene ntchito idzayendere. Pa mpingo wathu woyerekeza, maziko ndi silabu ndi K30 miliyoni, makoma K25 miliyoni, denga K40 miliyoni, ndipo pulasitala, zitseko, mawindo, magetsi ndi penti K25 miliyoni. Zonse pamodzi ndi K120 miliyoni. Pamwamba pake amawonjezera K12 miliyoni, gawo limodzi mwa magawo khumi, ya zogwa mwadzidzidzi monga thanthwe lopezeka pokumba maziko. Denga limadya zambiri chifukwa kudutsa mamita 15 popanda nsanamira pakati kumafuna matirasi olimba, kawirikawiri achitsulo, ndipo ndi gawo limeneli lomwe limagwetsa mphwayi mipingo yomwe inangowerengera njerwa.

Nambala iliyonse ikhale ndi kochokera komwe munthu angakutsate. Titenge makoma. Kuzungulira nyumba ya mamita 30 ndi 15 ndi mamita 90. Khoma likatalika mamita anayi, ndiye kuti pali masikweya mita 360, ndipo tikachotsapo 60 a zitseko ndi mawindo patsala 300. Mabuloko a simenti a masentimita 40 m'litali ndi 20 m'mwamba amalowa 12 ndi theka pa sikweya mita imodzi, kotero pafunika 3,750. Powonjezera osweka ponyamula ndi odulidwa m'makona, komiti ilembe 4,000. Mmisiri aliyense wokhala mumpingomo angathe kuwerenga yekha n'kuvomereza, ndipo akavomereza iye, amene akhala naye pafupi amakhulupiriranso. Ngati silaidi yalemba mabuloko 9,000 pa makoma omwewo, iye yemweyo ndi amene adzayambe kunong'ona.

Pansi pa mitengo yonse palembedwe mwezi ndi chaka chomwe inafufuzidwa. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 pa 100 iliyonse, dola imodzi n'kufika pa K1,700. Mitengo ya malata, zitsulo ndi simenti inatsatira. Mpingo womwe unalengeza mtengo wopanda deti unayenera kubwereranso kwa anthu ndi nambala ina, ndipo ambiri akamva zotero amaganiza kuti wina wadya. Njira yotetezera ndi kulemba zosowa m'mitundu iwiri, kwacha ndi katundu: matumba angati a simenti a makilogalamu 50, mabuloko angati, malata angati. Mtengo ukasintha, kuchuluka kwa katundu kumakhala komweko, ndipo aliyense amaona chomwe chakwera.

Komabe kugula katundu msanga pothawa kukwera kwa mitengo kuli ndi malire ake. Mabuloko, miyala ndi zitsulo zosungidwa bwino zimadikira. Simenti sidikira: ikakhala miyezi ingapo m'chipinda cha chinyezi imachita mibulu n'kutha mphamvu. Silaidi ya ndondomeko ya nthawi isonyeze kuti simenti idzagulidwa ntchito ikayandikira, ndiponso kuti maziko adzakumbidwa m'chilimwe, mvula ya Novembala isanayambe.

Funso lomaliza ndi lomwe makomiti ambiri amalithamangira, pomwe ndi lomwe limabweretsa ndalama. Chinsinsi chake ndi kupempha za gawo limodzi lokha panthawi imodzi. Mpingo wathu ukufuna K33 miliyoni ya maziko, kuphatikizapo ya zadzidzidzi. Ku banki kuli kale K18 miliyoni, ndiye yotsala ndi K15 miliyoni m'miyezi 12. Kuigawa mofanana kwa mabanja 200 kungapereke K6,250 pamwezi banja lililonse, koma zimenezi zimalemera kwa gogo wamasiye pomwe mwini malole angaone ngati zachibwana.

Silaidi yabwino imaika makwerero. Mabanja 10 opereka K50,000 pamwezi abweretsa K6 miliyoni pachaka. Mabanja 50 opereka K10,000 abweretsanso K6 miliyoni. Mabanja 125 opereka K2,000 abweretsa K3 miliyoni. Zakwana K15 miliyoni, ndipo mabanja 15 otsalawo ali ndi malo awo pa ntchito ya manja: kukumba maziko, kutunga madzi othirira silabu, kuphikira amisiri. Aliyense amayang'ana pakhoma n'kupeza pomwe angaime popanda kuchita manyazi. Makwererowa amathandizanso komiti kudziyesa. Ngati siingathe kutchula m'mutu mabanja 10 a pamwambawo, ndiye kuti miyezi 12 yachepa, ndipo ndi bwino kuitalikitsa isanalengeze.

Njira zoperekera zilembedwe zonse pa silaidi imodzi ndi zilembo zazikulu: akaunti ya ku banki ya chitukuko yosiyana ndi ya chopereka cha masiku onse, manambala a Airtel Money ndi TNM Mpamba olembetsedwa m'dzina la mpingo, maenvelopu a malonjezo, ndi masiku a Pepa Sande. Nambala ya foni ya munthu mmodzi, ngakhale atakhala msungichuma wokhulupirika chotani, imabala mafunso pambuyo pake. Ponenedwenso kuti ndalama sizituluka popanda anthu awiri kapena atatu kusaina, ndipo wopereka aliyense alandira lisiti. Alimi apatsidwe mwayi wopereka matumba a chimanga, soya kapena mtedza nthawi ya masika, ndipo komiti isaike tsiku lalikulu losonkha mu Januwale, pomwe fizi ya ana ndi kuchepa kwa chakudya zimakumana m'nyumba imodzi.

Ana a mpingo omwe ali ku Joni kapena ku Mangalande saona khoma la tchalitchi, choncho masilaidi omwewo asungidwe ngati PDF yopepuka n'kutumizidwa pa WhatsApp. Kwa iwo silaidi iliyonse iyenera kumveka yokha popanda woifotokoza, ndipo pakhale dzina la udindo wa munthu woti adziwitsidwe akatumiza ndalama kudzera ku Mukuru kapena ku banki.

Tsiku loonetsa lisanafike, wina akakhale pa benchi yomaliza masana dzuwa likuwala n'kuyesa kuwerenga. Zomwe sakuziona zikulitsidwe kapena zichotsedwe. Pakhalenso mapepala osindikiza a masilaidi a mtengo ndi kaperekedwe, oti agawidwe m'milaga kapena m'miphakati, komanso oti agwire ntchito magetsi akathima.

Pakatha miyezi itatu iliyonse komiti imabwereranso ndi silaidi imodzi yokha. Imaonetsa zomwe zinalonjezedwa, zomwe zalowadi, zomwe zagwiritsidwa ntchito, ndi chithunzi cha pamalo omanga chojambulidwa sabata yomweyo. Ngati pa K3.75 miliyoni yomwe imayembekezeka m'miyezi itatuyo palowa K2.5 miliyoni, nambalayo ilembedwe momwemo, pamodzi ndi tsiku latsopano lomwe silabu idzathiridwe.