Odi wa pa LinkedIn: Uthenga Woyamba Wofunsira Ntchito

Munthu akafika pakhomo pa eni ake sayamba ndi kupempha nsima. Amaodira, nadikira kuti amuyankhe, kenako n'kunena kumene wachokera. Pa LinkedIn, pomwe olemba ntchito ndi ofuna ntchito amakumanirana, mwambo ndi womwewu. Koma achinyamata ambiri amene angolandira kumene digiri amalumpha odi. Amalembera bwana wolemba anthu ntchito kuti: “Ndikufuna ntchito iliyonse, chonde ndithandizeni.” Uthenga wotere umandimvetsa chisoni, chifukwa wolembayo amakhala pa vuto lenileni, koma wowerenga sapezamo choti ayankhe.

Tiyerekeze mtsikana amene wamaliza maphunziro a ulimi wothirira ku Bunda. Iye waona dzina la mayi wina amene amalemba anthu ntchito pa kampani yogula soya ku Kanengo. Popeza awiriwa sanalumikizanepo, mtsikanayu sangangotumiza kalata yaitali, pokhapokha atalipira kuti agwiritse ntchito InMail. Njira yaulere ndi kudina Connect, kenako Add a note, n'kulemba mawu ochepa. Pa foni pamafunika kusamala, chifukwa nthawi zina ukangodina Connect pempho limapita lopanda mawu. Ndi bwino kutsegula tsamba la munthuyo, kudina timadontho titatu, n'kusankha Personalize invite.

Malo olembapo ndi ochepa kwambiri. Wosalipira amapatsidwa zilembo 200, kuwerengera ndi mipata yomwe, ndipo amaloledwa kulemba mawu otere maulendo ochepa pa mwezi. Choncho osawamwaza kwa aliyense. Mauthengawa nthawi zambiri amalembedwa m'Chingerezi, koma m'chinenero chathu wa mtsikanayu ungamveke chonchi:

“Mwaswera bwanji mayi. Ndamaliza digiri ya ulimi wothirira ku Bunda chaka chino. Ndawerenga zomwe munalemba za alimi a soya a ku Mchinji. Ndingakonde kulumikizana nanu.”

Zilembo zake sizikufika ndi 170 zomwe, moti dzina la mayiwo likwanamo, ndipo liyenera kulembedwa molondola. Taonani kuti sanatchule za ntchito. Wangodzidziwitsa, ndi kuonetsa kuti uthengawu walembera mayiwa osati anthu makumi asanu nthawi imodzi. Mayiwo asanavomere, adzayamba atsegula tsamba la mtsikanayu. Akakapeza chithunzi cha pa ukwati chodulidwa pakati, ndipo pansi pa dzina palibe chomwe anaphunzira, nkhani yathera pomwepo. Tsamba likonzedwe uthenga usanapite.

Akavomera, ndiye kuti akuuza kuti lowa. Apa mpamene funso lenileni limabwera, ndipo ziganizo zinayi kapena zisanu n'zokwanira:

“Zikomo mayi povomera pempho langa. Pa kafukufuku wanga wa chaka chomaliza ndinagwira ntchito ndi alimi a m'madimba, kuyeza madzi amene mapampu oyendera dzuwa amatulutsa. Ndimafuna kudziwa ngati kampani yanu ilemba alangizi a alimi nyengo yogula mbewu isanafike, komanso kumene mumalengeza mipata yotere. Mukalola, nditumiza chikalata cha mbiri ya maphunziro anga.”

Mphamvu ya uthengawu ili pa funso. Mayiwo akhoza kuyankha ali pa mzere ku banki: “Timalemba mu Malichi, uziona tsamba lathu.” Ngakhale mwayi utakhala kuti palibe lero, mtsikanayu wadziwa mwezi ndi malo. Amene anapempha “ntchito iliyonse” wasenzetsa bwana katundu woganiza kuti angamuike pati, ndipo munthu wotanganidwa sasenza katundu wa mlendo. Chimodzimodzinso amene amangolemba “Moni bwana” n'kukhala chete kudikira, kapena wofotokoza za lendi ndi azing'ono ake ofunika fizi. Mavutowo ndi oona, koma bwanayo akufunafuna munthu wodziwa kugwira ntchito inayake, ndipo chomwe akufuna kumva n'chimenecho.

Nanga akapanda kuyankha? Pempho likakhala pa Pending, ndiye kuti sanavomere, mwina sanalione n'komwe, poti ena amatsegula LinkedIn mwa apo ndi apo. Osathamangira kulichotsa, chifukwa ukatero umadikira mpaka masabata atatu usanatumizenso kwa munthu yemweyo. Ngati anavomera koma funso silinayankhidwe, papite sabata imodzi kapena awiri, kenako chikumbutso chimodzi chaulemu. Kupitirira apo n'kugogoda chitseko usiku.

Chenjezo limodzi lokha. Wina akayankha msangamsanga kuti ntchito ilipo, koma uyambe watumiza ndalama pa foni kuti dzina lako lilowe, thawa. Wolemba ntchito weniweni amafunsa zomwe umadziwa, ndipo akakhutira amakuuza tsiku loti ubwere mudzaonane.